Ndaphonya tsiku lachisanu la novena ya Yuda Woyera, ndiyambirenso kapena ndipitirize?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndithandizeni maganizo. Ndikuchita novena ya Yuda Tadeo Woyera chifukwa cha mwana wanga wamwamuna amene walowerera ndi mowa. Ndinayamba pa 19 Okutobala kuti ndimalize pa 27, chaka cha woyerayu chisanafike pa 28. Dzulo pa 23 ndinachezera ku chipatala ndi mayi anga odwala, ndipo ndazindikira m'mawa uno kuti tsiku lachisanu ladutsa osapemphera. Kapepala kamene ndikugwiritsa ntchito ndinachita kupatsidwa, ndipo pansi pake palembedwa kuti ukadumphitsa tsiku limodzi zonse zagwa, uyambirenso. Palembedwanso kuti pomaliza ukopere pempherolo ka 9 n'kukasiya m'tchalitchi, apo ayi suyankhidwa. Mtima wanga suli m'malo. Kodi masiku anayi aja apita pachabe? Nanga novena imamalizidwa bwanji kwenikweni, tsiku la 9 munthu amangonena Ameni n'kuyika kapepala m'kabati?

Wa kwaya
Pepani mayi ndi matendawo. Ine mmene ndinaphunzirira, novena ndi masiku 9 ondondozana, ndiponso pa ola limodzimodzi tsiku lililonse. Mukadula pakati si novenanso. Yambiranipo lero, palibe chimene mutaye.

Katekisiti wopuma
Amayi, khazikani mtima pansi, masiku anayi aja sanagwe. Mpingo ulibe lamulo lonena kuti wodumphitsa tsiku ayambirenso, ndipo kuphonya tsiku la novena si tchimo loti mukalape. Novena ndi pemphero limene munthu amasankha yekha, si udindo ngati Misa ya Lamulungu. A kwaya anena zoona kuti mwambo wake ndi masiku 9 ondondozana, koma za ola limodzimodzizo ndi nzeru yothandiza kuti munthu asaiwale, si lamulo.

Tiyeni tiwerenge pa kalendala yanu. Pa 19 linali tsiku loyamba, pa 22 lachinayi, pa 23 lachisanu limene laphonyekalo. Lero pa 24 muli ndi njira zitatu. Mungathe kunena pemphero la tsiku lachisanu m'mawa uno ndi la tsiku lachisanu ndi chimodzi madzulo, ndiye mumalizabe pa 27 monga munakonzera. Mungathenso kungosuntha zonse ndi tsiku limodzi: lero likhale lachisanu, pa 25 la 6, pa 26 la 7, pa 27 la 8, ndipo la 9 ligwere pa 28 penipeni, tsiku la chaka cha atumwi Simoni ndi Yuda. Njira yachitatu ndi yoyambiranso lero, ndiye mudzamaliza pa 1 Novembala, chaka cha Oyera Onse.

Ndikanakhala ine ndikanatenga yachiwiriyo. Muli ndi wodwala, thupi latopa, ndipo mapemphero awiri tsiku limodzi kawirikawiri amasanduka kuthamangitsa mawu kuti ngongole ithe. Kumaliza pa tsiku la chaka lenilenilo kuli bwino ndithu, makamaka mukapeza mpata wa Misa.

Wa kwaya
Bambo katekisiti, ndakumvani, koma ndikuonabe kuti mukufewetsa. Atumwi aja, podikira Mzimu Woyera, anadumphitsako tsiku?

Katekisiti wopuma
Buku la Ntchito za Atumwi 1:14 limangotiuza kuti ankapemphera kosalekeza ndi mtima umodzi, pamodzi ndi amayi ena ndi Maria amayi a Yesu. Masiku 9 timawapeza powerenga kuchokera pa Lachisanu lotsatira kukwera kumwamba kwa Ambuye mpaka Loweruka loti mawa lake ndi Pentekoste. N'chifukwa chake Papa Leo XIII mu 1897 analamula kuti novena ya Mzimu Woyera izichitika chaka ndi chaka Pentekoste isanafike. Zoti wophonya tsiku abwerere poyamba sizinalembedwe pamenepo. Amene akufuna kuyambiranso chifukwa cha chikondi, kuti apereke masiku 9 athunthu, achite, n'chinthu chabwino. Chimene ndikukana ndi kuyambiranso chifukwa cha mantha akuti Mulungu wafufuta zonse.

Mlongo wanu mwa Khristu
Mayi musadzizunze, thupi lofooka simungathe kusala kudya masiku 9 mukudwazika matenda. Idyani kaye mupeze mphamvu, mudzasala wodwala akachira.

Mwini funso
Zikomo achemwali, koma sindikusala kudya. Ndi pemphero chabe la tsiku ndi tsiku. Kapena novena imafunanso kusala?

Wa gulu la kolona
Siifuna. Ena amawonjezapo okha kadzimana kakang'ono, koma si mbali ya novena. Ine ndifuna ndilankhule za kapepala kanuko, chifukwa n'kamene kakusowetsani mtendere, osati tsiku lophonyalo. Mawu akuti kopera ka 9, kasiye m'tchalitchi, tumiza kwa anthu 9, pempheroli silinalepherepo, amenewo si chiphunzitso cha Mpingo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika pa ndime 2111 amachenjeza za kuyika mphamvu ya pemphero pa kachitidwe kake ka kunja kokha, mtima uli kwina. Chizindikiro chake n'chosavuta: kapepala kakamalonjeza kuti yankho libwera ndithu pofika tsiku lakutilakuti, kapena kakamaopseza kuti ukapanda kuchita chakuti zikuvuta, dziwani kuti wina anawonjezapo zake. Pemphero la Yuda Woyeralo likhoza kukhala labwinobwino, ingodulani m'munsimo. Mukakayika, aonetseni ansembe a parishi yanu.

Bambo wa ana anayi
Zimenezi zinandichitikira ndi novena ya kolona ya masiku 54, ija ya masiku 27 opempha ndi 27 othokoza. Ndinkati ndikaphonya ndiyambirenso, ndiye miyezi inkangotha ndili m'chigawo chopempha, kothokoza osafikako. Mapeto ake ndinayamba kudana ndi kolona imene. Amene anandimasula ndi wansembe wina pa kulapa, anati pitirizani pamene mwalekera. Koma funso langa ndi ili, nanga munthu akaphonya masiku atatu kapena anayi mwa 9, tinganenebe kuti wachita novena?

Katekisiti wopuma
Pamenepo palibe nambala yoikika, bambo. Maganizo anga ndi akuti tsiku limodzi kapena awiri, pitirizani. Koma mukaona kuti theka lapita, si nkhani ya kuiwalanso, ndiye kuti mwasenza zolemera kuposa nthawi imene muli nayo. Ndi bwino kuyambanso ndi pemphero lalifupi limene mungalikwanitse.

Ndipo izi zikukhudza mayi athuwa. Novena yoti ifike kumapeto imafuna kukonzedwa mopepuka. Tsiku lililonse yambani ndi chizindikiro cha mtanda, khalani chete pang'ono, kenaka tchulani cholinga chanu ndi mawu omwewo tsiku ndi tsiku, mwachitsanzo kuti mwana wanu, mukumutchula dzina, amasuke ku mowa ndipo avomere thandizo. Cholinga chikhale chimodzi, chifukwa mukamawonjeza china tsiku lililonse, pofika la 9 simudziwanso chimene munkapempha. Werengani ndime yaifupi ya m'Baibulo, nenani pemphero la novenalo, tsekani ndi Atate Athu, Tikuoneni Maria ndi Ulemu kwa Atate. Zonsezi zimatha m'mphindi 10 mpaka 15. Pa nkhani ngati yanu, Luka 18:1-8 ya mayi wamasiye wosatopa uja ndi Luka 15 ya mwana wolowerera zikhoza kukuperekezani masiku otsalawa, mavesi ochepa patsiku.

Popeza mukugona ku chipatala, musaike pempheroli usiku pogona, ndi nthawi imene tulo timaba. Limangirireni ku chinthu chimene simuchiphonya m'mawa, monga mukangomaliza kuwasamalira mayi anu. Lembaninso masiku pa kapepala, 24 mpaka 28, muzichonga. Tsiku likavuta kwambiri, kutchula cholinga ndi kunena Atate Athu mmodzi muli pambali pa bedi la wodwala, tsikulo mwapemphera.

Mwini funso
Mwandipeputsa, bambo. Nditenga njira yomaliza pa 28. Nanga tsiku lomalizalo ndichite chiyani? Ndipo ndinene zoona, mwanayo usiku wathawu wabweranso ataledzera. Ndikuopa kufika tsiku la 9 palibe chasintha.

Wa gulu la kolona
Pa kamalizidwe, ambiri timayesetsa kulapa mkati mwa masiku 9 aja kuti tsiku lomaliza tikachite nawo Misa ndi kulandira Ukaristia. Kwa inu ndiye kuti mufunefune kulapa pakati pa lero ndi pa 27, Misa pa 28. Wodwala akakhala kuti sangasiyidwe, pitani Lamulungu lotsatira, novena siiwonongeka. Pemphero la tsiku la 9 likatha, onjezani mawu anuanu othokoza, ndipo mutchule zenizeni zimene mwaona m'masikuwa ngakhale zazing'ono. Pambuyo pake perekani nkhaniyo m'manja mwa Mulungu monga Ambuye ananenera m'munda muja, kuti kufuna kwa Atate kuchitike. Ena amaperekanso Misa yothokoza kapena kuthandiza wosowa, koma zimenezo n'zaufulu, si malipiro.

Bambo wa ana anayi
Kuthokoza usanalandire kumandivuta ine. Ndimaona ngati ndikunama pamaso pa Mulungu.

Katekisiti wopuma
Musathokoze chimene simunalandire, bambo, kumeneko kungakhaledi kunama. Thokozani kuti wamva, ndi kuti wakusungani mpaka tsiku la 9. Paulo anapempha katatu kuti minga ya m'thupi mwake ichoke, pa 2 Akorinto 12:8-9, yankho linali lakuti chisomo chikukwanira, mingayo inatsala.

Amayi, za mwana wanu ndisakunamizeni. N'zotheka ndithu kuti pa 28 adzakhala akumwabe. Zimenezo sizidzatanthauza kuti munalakwitsa kawerengedwe kapena kuti tsiku la 23 lija lawononga. Uchidakwa suchoka msanga, ndipo nthawi zambiri umafuna achipatala ndi aphungu. Munthu amene wamwa kwambiri kwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi akhoza kunjenjemera, kuona zinthu zoti palibe, ngakhale kukomoka, choncho tsiku limene adzanene kuti ndikufuna kusiya, mupite naye kwa dokotala. Ndikupemphani kuti pomaliza novenayi musankhe chinthu chimodzi choti muchite, monga kulankhula naye m'mawa asanamwe, muli ndi munthu wamkulu amene iye amamumvera.

Wa kwaya
Ine ndikanayambiranso ndithu, mtima wanga sungakhazikike ndi masiku odukiza. Koma za kukopera ka 9 zija ndavomera, ndazisiya m'tchalitchi kangapo osadziwa. Mayi, ndikhala nanu m'pemphero kuyambira lero mpaka pa 28.

Mwini funso
Ambuye akudalitseni nonse. Latsala funso limodzi: ikatha iyi, ndingayambe ina pa 29 pa cholinga chomwechi, kapena ndidikire kaye?

Wa gulu la kolona
Palibe choletsa, ena amalumikiza novena zitatu motsatizana. Koma ine ndikanati mupume kaye mlungu umodzi, muzingomutchula mwanayo pa pemphero la m'mawa, mpaka mayi anu atuluke m'chipatala.

Katekisiti wopuma
Ine sindiona chifukwa chodikira ngati mphamvu zilipo. Mudzadziyese nokha pa 28 madzulo: mukadzamva kuti mukufuna kuyamba ina chifukwa choopa kuti yoyambayi sinakwane, dikirani. Mukadzamva kuti mukungofuna kupitiriza kumupempherera mwanayo, yambani pa 29, mudzamaliza pa 6 Novembala.