Andisinthira mawu a wapampando mu lipoti la pachaka, ndivomere?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikumasulira m'Chichewa uthenga wa wapampando wa bodi mu lipoti la pachaka la kampani ina. Phindu latsika ndi 8 peresenti. M'Chingerezimo wapampando watchinga katatu m'chiganizo chimodzi, ndipo ine ndinalemba kuti: "Bodi ikuyembekezera kuti phindu likhoza kuyamba kukwera m'miyezi 6 yomaliza ya chaka, ngati ndalama sipitiriza kugwa mphamvu." Mkulu wofalitsa nkhani za kampaniyo wafufuta, walemba kuti "Phindu lidzakweranso m'miyezi 6 yomaliza." Akuti zanga zikumveka zamantha. Ndivomere?

Yankho 1: Musavomere mayi. Zotchinga zija amaziika dala, ndipo kawirikawiri maloya ndi mlembi wa kampani amakhala ataziwerenga. "Lidzakwera" ndi lonjezo. Wina akagula masheya atawerenga zimenezo phindu n'kusakwera, adzaloza tsamba lanulo. Mkuluyo wachotsa zinthu zinayi: kuti ndi maganizo a bodi, "likhoza", "kuyamba", ndi nkhani ya ndalama ija. Bwezerani chiganizo chakecho m'Chingerezi liwu ndi liwu, muchiike pambali pa choyambirira, mutumize kwa mlembi wa kampani. Onaninso pa dividendi, gawo la phindu limene amalandira eni masheya. Dividendi yomaliza ya chaka bodi imangoipereka ngati ganizo, amavomereza ndi eni masheya pa msonkhano waukulu wa pachaka, ndiye musalembe kuti "kampani ipereka".

Yankho 2: Bwanji osangoika "mwina" basi? Chiganizo chifupike, aliyense amve.

Yankho 1: Achimwene, "mwina" watsitsa kwambiri. Zikumveka ngati wapampando akungolota, pamene bodi ili ndi mawerengero ake. Kufooketsa n'kulakwanso.

Yankho 3: Ine mkuluyo ndikumumvako pang'ono. Chiganizo chanu n'cholemera. Chiduleni pawiri, koma "ngati" akhale m'chiganizo chomwe muli kukwerako. Vuto lina, "kuyembekezera" kwathu kumanyamula kudikira, kulakalaka ndi kuona kuti zichitika. Ine ndikanalemba "bodi ikuona kuti".

Yankho 4: Ine anandibwezera lipoti chifukwa cha makoma ndi madontho m'manambala. Yang'anani matebulo bwinobwino.

Wofunsa: Zikomo bambo, koma matebulo sindikuwakhudza. "Bodi ikuona kuti" ndaikonda, ngakhale ikundimvekera yotsimikiza kuposa ya wapampando. Nanga poti wapampandoyo wati phindu latsika "pang'ono" pamene ndi 8 peresenti, ndisiye?

Yankho 1: Siyani, ndi kuweruza kwake, ndipo nambala ili pomwepo owerenga adziwonera. Maodita amawerenganso uthengawu kuti aone ngati sukutsutsana ndi maakaunti, koma amawerenga wa Chingerezi. Funsani ngati wanuwo pali amene audutsemo, komanso ngati alembapo kuti pakasiyana mawu, chotsatidwa ndi Chingerezi.

Yankho 3: Pa "pang'ono" sindikugwirizana nanu. M'Chichewa amachepetsa kwambiri, ngati palibe chachitika. "Latsikako" akukwana.