Nyali ya maglo pulagi ikuphethira, vuto lili pati?

Akatswiri a injini za dizilo, ndithandizeni. Ndikudziwa kuti kanyali kooneka ngati sipuling'i kaja kamatanthauza kuti maglo pulagi akutenthetsa m'masilinda, popeza dizilo sayaka ndi sipaki koma ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. N'chifukwa chake munthu amadikira kazime asanalize injini.

Tsono nkhani ndi iyi: injini ya masilinda 4, m'mawa kanyali kakuzima pakatha masekondi 5, koma ikumalira movutikira, ikunjenjemera n'kumatulutsa utsi woyera kwa mphindi imodzi. Ikatentha, zonse myaa! Dzulo kanyali kayamba kuphethira ndili pamsewu.

Ndayeza mapulagi ndi mita nditachotsa waya wake: atatu akuonetsa pafupifupi omu 1, lachinayi silikuwerenga kalikonse. Lapsa limenelo basi, kapena ndiyezenso rile ndi fyuzi? Nanga ndisinthe onse anayi? Ndikuopa kulithyolera m'hedi pomasula. Ndimasule injini ili yotentha?