Chigubu chogula pamsika: ndingasungiremo mafuta ophikira?

Nabanda: Abale ndithandizeni. Ndimakazinga mandasi, ndiye ndagula pamsika chigubu cha malita 20 chogwirapo kale ntchito. Ndikufuna ndizisungiramo mafuta, otsala pachiwaya ndizibwezeranso momwemo. Kunsi kwake kuli nambala 2 yozunguliridwa ndi timivi titatu. Chili bwino?

Bambo Mbewe: Nambala 2 ndi HDPE, pulasitiki yemwe uja wa zigubu zachikasu za mafuta. Palibe vuto mayi, chitsukeni ndi sopo basi.

Nangondo: Pepani a Mbewe, nambalayo imangonena mtundu wa pulasitiki, sinena zomwe zinkakhalamo. Zigubu zambiri za mankhwala a mbozi ndi za oilo wa galimoto nazonso ndi 2. Pulasitiki ameneyu amamwa zomwe zakhalitsamo, ndipo sopo amangotsuka pamwamba. Zomwe madzi alephera kuchotsa, mafuta ophikira amazisungunula pang'onopang'ono n'kukathera m'mandasi.

A Nabanda, chitsukeni, chiume, muchitseke n'kuchiika padzuwa maola awiri, kenako mutsegule mununkhize pakamwa pake. Mukamva parafini, dizilo kapena mankhwala, chisayandikire chakudya ngakhale madzi akumwa. Komanso kusanunkha si umboni wokwanira, mankhwala ena alibe fungo. Chodalirika ndi chigubu chomwe pepala la mafuta ophikira likadali pomwepo, kapena chomwe mwachitsegula nokha chili chomata.

Za otsala pachiwayazo ndiye ayi. Mafuta okazingira amafika madigiri 170 mpaka 180, pomwe pulasitiki wa 2 amasungunuka cha m'ma 130. Asiyeni azizire kaye mpaka kutheratu kutentha, muwasefe ndi kansalu koyera, muwaike m'botolo lawolawo. Mukawasakaniza ndi atsopano, tinyenyeswa topserera tija timawononga chigubu chonse.

Achimwene a ku Ndirande: Nanga phala la ana? Ine ndimathira lotentha m'botolo la madzi ogula aja popita kuchipatala.

Nangondo: Limenelo ndi 1, PET, la zozizira. Likangofika madigiri 70 limayamba kufewa, mudzaona lakwinyika kapena lapindika m'khosi. Pa zotentha funani cha nambala 5, PP, makamaka chokhala ndi chizindikiro cha tambula ndi foloko. Timabokosi toyera tofewa ta nambala 6 musaikemo tchipisi tongochoka pamoto.

Mayi Tembo: Ndiwonjezere kuti chigubucho chiume ndithu, chivundikireni chafufumimba tsiku lonse. Timadontho ta madzi totsalira pansi timavunditsa mafuta msanga, ndipo tikafika pachiwaya amathetheka n'kukuwotchani m'manja. Chizikhala pamthunzi, kutali ndi mbaula. Koma za nambala 5 ine sindikhutira kwenikweni. Chikakandika mkati kapena kusintha mtundu ndi supu wa tomato, ndi bwino kuchisiya. Phala lingopita m'fulasiki kapena m'kapoto.

Nabanda: Zikomo nonse. Wogulitsa anati munali mafuta ophikira, koma pepala lake anachita kulipala, pangotsala zomatira. Ndachiika padzuwa, ndinunkhiza masana. Nanga chikapanda kununkha, ndichiyese kapena ndingochisiya?