Eyakoni ikuziziritsa bwinobwino koma alendo akuti chipinda chikumata

Chikondi (Mangochi): Akuluakulu ndithandizeni, mutu wandizungulira. Pa loji ina m'mbali mwa nyanja kuno pali chipinda cha mamita 4 kwa 5, eyakoni ya pakhoma ya 24,000 BTU, ya gasi wa R410A, si ya inveta. Mwini wake anagula yekha, wina anamuikira mu Okutobala. Nthawi yotentha ija zonse zinali bwino. Mvula itangoyamba alendo akudandaula kuti mashiti ali ngati sanaume, thupi likumata, muwodilopu mukununkha nguwi. Rimoti ili pa 22, m'chipinda ndapezadi 22. Kamita kanga koyezera chinyezi cha mumpweya kakuti 75%RH. Sefa ndatsuka, geji ya puleshala ya mbali yotsika ikuima cha pa 120 psi, maampu ali bwino. Kudileni kukungodontha pang'onopang'ono. Bwanayo akuti ndikalephera aitana wa ku Blantyre. Ndiyang'anenso chiyani?

Che Jafali: Gasi ameneyo. Onjezerani pang'ono muone.

Chikondi (Mangochi): Che Jafali, ndanena kale kuti geji ili pa 120. Ndipo chipinda chikuzizira msanga kwambiri, mwina mopitirira.

Yamikani: Ife zinatichitikira pa butchala ina ku Area 25, nyama inkachita kuterera. Linali labala la chitseko litang'ambika komanso hita yosungunula ayezi itapsa. Mwaona labala?

NaBanda: Achimwene a Yamikani, ichi ndi chipinda chogona anthu, si chosungiramo nyama. A Chikondi, kompulesa ikuyenda mphindi zingati isanazime? Ndipo ikazima fani yam'kati ikumaima?

Chikondi (Mangochi): Usiku imayenda mwina mphindi zinayi kapena zisanu, kenako zii kwa nthawi yaitali ndithu. Fani yam'kati siima, alendo amaisiya pa HIGH.

Madala Gondwe: Funso la mayi NaBanda ndi lomwe lagwira nkhani. Mphwanga Chikondi, makinawo sanawonongeke, akungochita ntchito imodzi pa ntchito ziwiri. Akuchotsa kutentha koma madzi a mumpweya akuwasiya momwemo.

Tiyambe ndi 75 wakoyo. Nambala imeneyo siikuuza kuchuluka kwa madzi, ikungokuuza kuti mpweyawo wadzaza motani poyerekeza ndi malire ake pa madigiri amenewo. Malirewo amatsika mpweya ukamazizira. Pa madigiri 30 kiyubiki mita imodzi imafika pa magalamu 30 a nthunzi, pa madigiri 20 imathera pa magalamu 17 okha. Ndiye ukaziziritsa chipinda osachotsa madzi, peresenti imakwera ngakhale palibe amene wathiramo dontho.

Ngati kamita kako kali ndi batani la DP, dina pamenepo. Kakupatsa madigiri amene mpweya womwewo ungayambe kugwetsa mame utazizira kufika pamenepo. Imeneyo ndiye imatsata madzi enieni ali mumpweyamo. Pa 22 ndi 75 upeza cha pa 17. Kamita kopanda batanilo, chotsa peresenti pa 100, gawa ndi 5, yankholo ulichotse pa madigiri a chipinda: 25 kugawa ndi 5 ndi 5, ndiye 22 kuchotsa 5 ndi 17. Masamu achidule amenewa amagwira peresenti ikakhala pamwamba pa 50. Chipinda chimene munthu amagona bwino, tinene cha madigiri 24 ndi 50 peresenti, DP yake ndi 13. Ukuona? Chako n'chozizira kuposa chimenecho koma chili ndi madzi ambiri. Thukuta siliuma msanga pakhungu, ndipo mashiti a thonje amayamwa chinyezi chimenecho, n'chifukwa chake mlendo akuti sanaume.

Che Jafali: Masamu onsewa a chiyani madala? Ine ntchitoyi ndinaiyamba gasi wa R22 akadali mfumu. Makina osatulutsa madzi ndi gasi basi.

Madala Gondwe: Che Jafali, gasi akachepa geji imatsika, koyilo imachita ayezi poyambira, chipinda sichifika pa 22 msanga chonchi. Pa R410A, 120 ndiye kuti gasi akuwira cha pa madigiri 5 mukoyilo. Pamenepo ndi pansi kwambiri pa 17, madzi akuyenera kugwa. Botolo la chakumwa lochokera mufiriji limachita thukuta chifukwa chomwechi, koma silidontha patebulo ukangolitulutsa, limafuna nthawi. Koyilo nayo iyambe yazizira, inyowe yonse, madontho akule, kenako ayenderere muthileyi. Mphindi zinayi zikutha koyilo itangonyowa kumene. Kompulesa ikazima fani ija ikupitiriza kuuzira pa koyilo yonyowayo, madzi onse akubwerera m'chipinda. 24,000 pa masikweya mita 20 yakula kwambiri, theka lake likanakwana pokhapokha ngati dengalo limatentha modabwitsa. Mu Okutobala sizinkaoneka chifukwa kunja kunali kouma, ndipo dzuwa linkaipatsa ntchito yoyenda nthawi yaitali.

Mphatso: Ndiye yankho n'losavuta apa. Ngati kuzizira kukukweza peresenti, aike rimoti pa 25. Mpweya womwewo pa 25 ubwera cha pa 62 peresenti, nkhani yatha.

NaBanda: Masamuwo ndi oona a Mphatso, koma madzi sanapite kulikonse, DP ikadali 17. Komanso mukaika pa 25 kompulesa iziyenda pang'ono kuposa panopa, chinyezi cholowa kuchokera kunja sichichotsedwa, pofika m'mawa DP yakwera. Kamita kokha ndi kamene kangasangalale kwa kanthawi.

Koma chimene ndikuopa ine ndi mbali inayo. Chonde musauze bwanayo kuti azitsitsa pa 16. Ndinakaona ofesi ina ku Lilongwe komwe ankatero usana ndi usiku nyengo ya mvula. Kunja kukakhala madigiri 30 ndi 70 peresenti, DP yake ndi 24, ndiye chilichonse chozizira kuposa 24 chimene mpweya wakunja ungachikhudze chimanyowa. Magalasi ankachita thukuta chakunja, siling'i inanyowa chakumwamba mpaka kuthothoka pakona, khoma la kuseri kwa makabati linada ndi nguwi. Iwo ankalimbana ndi wa denga kuti malata akudontha, munthu wosalakwa.

Yamikani: Zoona zimenezo. Paipi yopanda chofunda chake musiling'i imachitanso chimodzimodzi. Makoswe amadya chofundacho, kenako mwini nyumba akuti mwaboola denga.

Che Jafali: Ine ndikuti ayese kaye gasi. Sizidula. Akaona kuti sizinathandize abwere ku masamu.

NaBanda: Zimadula kompulesa ikafa, Che Jafali. Kuthira gasi m'makina okwana kale ndi kukweza puleshala ndi maampu, ndipo madzi a gasi akabwerera kukompulesa adzalipira ndi a Chikondi, osati inu.

Chikondi (Mangochi): Madala, DP kamita kakuti 17.4, mwalondola. Koma kamita aka n'kotchipa, ndingakakhulupirire? Bwanayo sangamve zoti makina ake a ndalama zambiri ndi amene akulakwa chifukwa cha kukula. Akuti wamkulu ndiye wabwino.

Madala Gondwe: Kayese ndi mchere. Thira mchere wakukhitchini m'kachivindikiro, unyowetse pang'ono ukhale ngati mchenga wonyowa osasungunuka, uike pamodzi ndi kamitako m'chigubu chotseka bwino usiku wonse. M'mawa kayenera kuwerenga pafupi ndi 75. Kakaphonya ndi 5 udziwa kuti uziwonjezera kapena kuchotsa zingati.

Bwanayo usakangane naye ndi pakamwa, muonetse madzi. Choyamba thira madzi muthileyi uone ngati akutuluka onse, chifukwa dileni yotsekeka kapena yopendekera mobwerera imanamiza, madzi amakhala muthileyi n'kumauluka. Ikakhala bwino, ika botolo kumapeto kwa dileni ola limodzi pa COOL fani ili pa HIGH monga alendo amachitira. Kenako ola lina pa DRY, kapena pa COOL fani ili pa LOW. Mpweya ukamadutsa pang'onopang'ono umazizira kwambiri pakoyilo n'kusiya madzi ambiri, ndipo kompulesa imayenda motalikirapo. Uzilemba DP poyamba ndi pomaliza, osati peresenti yokha. DP ikamatsika ndiye kuti ukupambana, ngakhale madigiri asasinthe. Koma ndikuchenjeze, DRY imasiyana malinga ndi makina. Ena amaimitsa fani kompulesa ikazima, ena ayi, ndiye ima pomwepo uone ndi maso. Ndipo pa 24,000 m'kachipinda kameneko, DRY ikhoza kuziziritsabe mpaka mlendo kudzuka kukazimitsa.

NaBanda: China chimene palibe wafunsa: bafa lili m'kati? Muli fani yotulutsa mpweya?

Chikondi (Mangochi): Lilipo achemwali. Fani analumikiza ku getsi la kubafa, ndipo alendo ambiri getsilo amalisiya usiku wonse. Mawindo ndi a maluvazi, ena satsekeka bwino.

NaBanda: Eee, ndiye mukutunga madzi ndi dengu. Mpweya umene faniyo ikutulutsa umalowedwa m'malo ndi wa kunyanja kudzera m'maluvazimo. Onani pa chizindikiro chake kuti imakoka zingati. Tinene ndi makiyubiki mita 100 pa ola. Mpweya wa madigiri 30 ndi 70 peresenti uli ndi magalamu 21 pa kiyubiki mita, umene mukufuna m'chipinda uli ndi 11. Kusiyana kwa magalamu 10 kuchulukitsa ndi 100 ndi lita imodzi ya madzi ola lililonse. Usiku kunja kukazizirako peresenti imakwera koma madziwo amakhala pafupifupi omwewo. Ngakhale mutaika 12,000 ya inveta, izivutikabe ngati maluvazi ali choncho. Faniyo musaichotse, bafa lingachite nguwi, koma ikhale ndi switchi yakeyake kapena taima.

Mphatso: Inveta nayonso musaitame kwambiri. Ikatsitsa liwiro koyilo siizizira kwenikweni, ndaonapo chipinda cha inveta chikumatabe. Ine ndikanagula kamakina kochotsa chinyezi n'kuika pakona.

Madala Gondwe: Pa inveta yaikulu mopitirira ndikuvomera. Kamakinako kamagwira ntchito, ndipo kutentha kumene kamatulutsa kungaipatse eyakoni chochita. Koma ndi phokoso pafupi ndi bedi, ndipo ndani azikataya madzi ake tsiku lililonse? Magetsi akazima jenereta ya pamalopo ikwanitsa zonse ziwiri?

Che Jafali: Mugulitsa munthu makina atsopano, switchi, mawindo, pomwe botolo la gasi lili m'galimoto. Chabwino. Mudzandiuza.

Yamikani: Kodi alipo akudziwa komwe R410A ikupezeka pa mtengo wabwino ku Limbe sabata ino? Komwe ndimagula akweza kawiri.

Mphatso: Samalani ndi mabotolo otchipa amwene, ena analemba china m'kati muli china. Muziyeza puleshala ya botolo lili pamthunzi musanathire, muyerekeze ndi tchati.