Ndithandizeni kukonza uthenga wokweza mtengo kwa makasitomala anga

Abale ndili ndi bizinesi yochapa zovala, ndipo pali makasitomala ena amene akhala nane zaka zambiri, ena mpaka ana awo ndimawadziwa maina. Mtengo wochapa bulangete ndikufuna ndikweze ndi 20 pa 100 alionse kuyambira pa 1 mwezi wamawa, koma uthenga umene ndalemba sukundisangalatsa ayi.

Ndinalemba kuti "chifukwa cha kukwera kwa zinthu tasintha pang'ono mitengo yathu". Mkazi wanga atawerenga anandifunsa kuti pang'ono ndiye ndalama zingati, zinthu zake ziti? Ndinasowa poyankha. Zoona zake sopo ndi magetsi zakweradi, komanso ndawonjezera malipiro a anyamata awiri ondithandiza, ndipo makina amodzi ndinagula pangongole yomwe ndikubwezabe. Kodi zangongolezi ndizitchule kapena zikhala ngati ndikuwasenzetsa mavuto anga? Kunama sindikufuna, anthu awa amandikhulupirira.

China ndi manambala. Ndikalemba maperesenti okha ena aziwerengera molakwika, wina aganiza kuti mitengo yonse yakwera pomwe malaya ndi mathalauza sindinakhudze. Ndiye ndikuganiza zoika mtengo wakale ndi watsopano moyandikana pamzere wakewake, tsiku loyambira pamwamba penipeni. Koma mtengo wakalewo ukaoneka pambali sizimuwawa munthu kwambiri?

Nanga amene analipiriratu mwezi wonse ndiwauze mu uthenga womwewo kuti iwo mtengo watsopano uwapeza zimene analipirazo zikatha, kapena ndiwalembere paokha? Amene munakwezapo mitengo chonde ndiuzeni munalemba bwanji.