Ndabweranso pa funso lija la kashiamu ndi sitiroko

"Aphunzitsi, munati gulutameti ndiye amawononga maselo a ubongo munthu akadwala sitiroko. Nanga kashiamu akubweramo bwanji?"

Achemwali, tsiku lija ndinakuyankhani mothamanga, ndipo mtima sunakhazikike. Gulutameti, amene maselo a ubongo amatumizirana naye mauthenga, amangotsegula chitseko, wakupha ndi kashiamu.

Mtsempha wa magazi wa mu ubongo ukatsekeka, selo limasowa okosijeni ndi shuga, ndiye ATP, imene imapatsa selo mphamvu, imatha m'mphindi zochepa. Mapampu otulutsa sodiyamu amaima, mphamvu ya magetsi ya pakhungu la selo imagwa, gulutameti n'kukhuthukira kunja. Maselo oyandikana nawo amene amamutolera nawonso amakhala atafooka, moti gulutametiyo amangodzaza pamenepo.

Tsono taonani pa chitseko cha pakhungu la selo chotchedwa NMDA, chimene gulutameti amatsegula. Masiku onse pakhomo pake pamakhala maginiziyamu ngati chotsekera botolo. Magetsi aja akagwa, chotsekeracho chimachoka. Kunja kwa selo kashiamu ndi wochuluka pafupifupi ka 10,000 kuposa mkati, ndiye amalowa ngati madzi osefukira.

Akalowa amadzutsa kalipeni, puloteni imene imadula mapuloteni ochirikiza selo. Mamitokondiriya, tizigawo ta selo topanga ATP, amayesa kumeza kashiamuyo mpaka amatupa n'kusiya kupanga ATP, mapampu n'kufookeratu. Pamene ofufuza anachotsa kashiamu m'madzi olereramo maselo, gulutameti anangowatupitsa, ambiri osafa.

Chimandiwawa n'chakuti mankhwala otseka NMDA anateteza ubongo wa makoswe, koma analephera pa anthu. N'chifukwa chake madokotala amathamangira kutsegula mtsempha, makamaka pasanathe maola 4 ndi theka, maselo a m'mbali mwa malo ofawo akadali moyo.