Ndemanga zasiyana ndi mabuku ake nditasanja mndandanda mu Word: ndikonze bwanji?

Funso

Ndikupempha thandizo kwa inu nonse amene munalembapo mndandanda wa mabuku wokhala ndi ndemanga pansi pa buku lililonse. Wanga uli ndi magwero 46, ndipo aphunzitsi anatiuza kuti titsate kalembedwe ka APA, kope la 7. Gwero lililonse ndinalilemba m'ndime yakeyake, kenako ndinadina Enter n'kulemba ndemanga yake, ndipo pomaliza ndemangayo ndinkadina Enter kawiri kuti pakhale mpata ndisanayambe gwero lotsatira. Ndemanga zitatu zili ndi ndime ziwiri chifukwa ndinali ndi zambiri zonena. Popeza ndinkalemba motsatira mmene ndinkawerengera mabukuwo, dzulo ndinasankha zonse n'kudina batani la Sort kuti zisanjike motsatira alifabeti. Zimene zinatuluka zandisowetsa mtendere, chifukwa mizere yonse yopanda kanthu inakaunjikana pamwamba, magwero anasanjika okha, ndipo ndemanga zinamwazikana pakati pawo malinga ndi chilembo chimene iliyonse inayambira, moti ndemanga khumi ndi imodzi zoyamba ndi mawu akuti "Buku ili" zangondondozana popanda gwero lililonse pamwamba pake. Mwamwayi ndinali nditasunga fayilo ina ndisanachite zimenezi. Vuto lachiwiri ndi lakuti mizere sikuyambira pamalo amodzi, popeza ina ndinaikankhira mkati ndi Tab, ina ndi mipata. Kodi pali njira yosanjira popanda kudula ndi kumata kokwana 46, komanso yoti zonse zilingane?

Yankho loyamba

Achemwali, musavutike ndi kusanja pamanja, chifukwa Word ili kale ndi gawo la References. Lowetsani buku lililonse kudzera pa Manage Sources, kenako dinani Bibliography, ndipo mndandanda udzatuluka wosanjika kale. Ine ndinachita choncho polemba kafukufuku wanga ndipo palibe chimene chinasokonekera.

Wofunsa

Zikomo achimwene, koma ndinayesa kale njira imeneyo ndi mabuku awiri, ndipo inangotulutsa magwero okha popanda ndemanga. Nditalemba ndemanga pansi pake n'kudina Update Citations and Bibliography, zimene ndinalembazo zinafufutika. Mwina mndandanda wanu unalibe ndemanga.

Yankho lachiwiri, la wogwira ntchito mu laibulale

Mwachita bwino kusunga fayilo yakale, chifukwa imene yasokonekerayo ndi yovuta kuibweza mukangoitseka. Gwero la vuto lanu ndi lakuti Sort imawerenga ndime, ndipo kwa Word ndime ndi chilichonse chimene chathera pamene munadina Enter. Siidziwa kuti ndime ina ndi gwero ndipo ina ndi ndemanga yake. Choncho chofunika ndi kumanga gwero ndi ndemanga yake kuti zikhale ndime imodzi musanasanje, ndipo chizolowezi chanu chodina Enter kawiri ndi chimene chikupulumutseni, chifukwa mpata umenewo ukusonyeza pamene chigawo chilichonse chathera.

Yambani ndi kupanganso kope lina la fayilo yabwinoyo, kenako dinani Ctrl+Shift+8 kuti zizindikiro zobisika zioneke. Sankhani mndandanda wokha, kuyambira pa gwero loyamba mpaka pa ndemanga yomaliza, osaphatikiza mutu wake, ndipo tsegulani Replace ndi Ctrl+H. Musinthe zinthu zinayi motsatizana, cha kumanzere mu Find what, cha kumanja mu Replace with, n'kudina Replace All, ndipo dongosolo lake lisasinthe:

```
^w^p  ->  ^p
^p^p  ->  @@@
^p    ->  ^l
@@@   ->  ^p
```

Kusintha koyamba kukuchotsa mipata yotsalira kumapeto kwa mizere, imene siioneka ndi maso koma imalepheretsa Word kuzindikira mzere wopanda kanthu. Kwachiwiri kukuika chizindikiro chongoyembekezera pamalire a zigawo, ndipo ndasankha @@@ chifukwa sindikhulupirira kuti zilembo zimenezi zilipo m'mawu anu. Kwachitatu kukusandutsa Enter aliyense wotsala kukhala mzere watsopano wa mkati mwa ndime, wofanana ndi umene mumapeza mukadina Shift+Enter, ndipo kwachinayi kukubwezeretsa malire enieni. Word ikakufunsani ngati ipitirize kufufuza m'chikalata chonse, yankhani No, apo ayi ikhudza ndime za nkhani yanu yonse.

Pamene ndikufuna muikepo mtima kwambiri ndi pa kusintha kwachiwiri. Word imakuuzani kuchuluka kwa malo amene yasintha, ndipo pa magwero 46 nambalayo iyenera kukhala 45, kapena 46 ngati munasiyanso mpata pambuyo pa ndemanga yomaliza. Ikachepa, ndiye kuti pena munadina Enter kamodzi kokha, ndipo magwero awiri amangika pamodzi moti lachiwirilo lidzabisala pansi pa linzake posanja. Ikachuluka, ndiye kuti munasiya mpata pakati pa gwero ndi ndemanga yake kapena pakati pa ndime ziwiri za ndemanga imodzi, ndipo imeneyo idzasocheranso. Nambala ikapanda kugwirizana, bwererani ndi Ctrl+Z mukapeze malowo musanapitirire. Zonse zikakhala bwino, dinani Sort, musankhe Paragraphs, Text ndi Ascending.

Wofunsa

Amayi, ndatsatira mmene mwalongosolera ndipo nambala inatuluka 43. Nditayang'ana ndinapeza malo awiri amene ndinaiwala mpata, ndipo nditawakonza inakwana 45. Tsopano ndemanga iliyonse yayenda ndi gwero lake, ngakhale zija za ndime ziwiri, ndipo zilembo zopendekeka za mitu ya mabuku sizinasinthe. Koma magwero awiri akhala pamwamba penipeni ngakhale kuti mayina a olemba ake akuyamba ndi M ndi T. Komanso mzere womaliza wa gwero lililonse watambasuka moti mawu atatu okha adzaza mzere wonse.

Wogwira ntchito mu laibulale

Awiri amene akwera pamwambawo ayenera kuti akuyamba ndi mpata kapena Tab, ndipo mudzaona kadontho kapena kamuvi kutsogolo kwa dzina ngati zizindikiro zija zikuonekabe. Fufutani zimenezo n'kusanjanso. Kutambasuka kwa mizere kukuchokera pa Justify, imene imakoka mzere wothera pa Shift+Enter kuti ufike m'mphepete mwa kumanja. Sankhani zonse n'kudina Ctrl+L, ndipo simukutaya kanthu chifukwa APA yomweyo imafuna kuti mawu alingane kumanzere kokha.

Pa nkhani ya kulinganiza, chotsani kaye ma Tab ndi mipata yonse imene munakankhira mizere, chifukwa mukaisiya idzawonjezera pa muyeso watsopano ndipo mizereyo idzakhotakhota kuposa kale. Kenako tsegulani Paragraph, muike Left pa 0, Special pa Hanging, By pa 1.27 cm, ndi Line spacing pa Double. Mzere woyamba wa gwero udzayambira m'mphepete, mizere ina yonse idzalowa mkati ndi masentimita 1.27, ndipo popeza ndemanga tsopano ili m'ndime yomweyo, nayo idzayambira pa muyeso womwewo, umene ndi umene APA imafuna.

Yankho lachitatu

Ine ndimaona kuti njira ya tebulo ndi yosavuta kuposa zizindikiro zonsezi. Ndimapanga tebulo la mizati iwiri, gwero kumanzere ndi ndemanga kumanja, n'kusanja ndi mzati woyamba, kenako ndimadina Convert to Text n'kusankha Paragraph marks. Ndemanga imagwera pansi pa gwero lake yokha. Koma pa muyeso ndikusiyana nanu amayi, chifukwa ife tinaphunzitsidwa kuti ndemanga imalowa mkati ndi masentimita 2.54 kuti isiyane ndi mizere ya gwero.

Wogwira ntchito mu laibulale

Bambo, tebulo limagwiradi ntchito, ndipo kwa munthu amene akungoyamba kumene kulemba ndingamulangize zomwezo, koma mnzathuyu ali ndi magwero 46 olembedwa kale, ndipo kuwalowetsa m'tebulo ndi ntchito yomwe ija ya kudula ndi kumata imene akuithawa. Muyeso wa masentimita 2.54 ndi woona, koma ndi wa MLA, kope la 9. Kusiyana kumeneku n'kofunika pano, chifukwa njira yanga yosiya zonse m'ndime imodzi imakwanira pa APA yokha, pamene ndemanga ndi mizere yolowa mkati ya gwero zili pa muyeso umodzi. Wotsata MLA ayenera kubweza ^l kukhala ^p akamaliza kusanja, n'kupatsa ndemanga muyeso wakewake.

Yankho lachinayi, la mphunzitsi wa pa koleji

Ndimachonga ntchito zotere chaka chilichonse, ndipo ndikufuna kuwonjezera kuti Sort ikamaliza, ntchito ya maso anu imakhala isanathe. Malamulo a APA pa wolemba mmodzi amene ali ndi ntchito zingapo si a alifabeti yokha. Ntchito yopanda chaka, yolembedwa n.d., imayamba, kenako zimatsatana kuyambira yakale kufika yatsopano. Zimene munthu analemba yekha zimabwera patsogolo pa zimene analemba ndi anzake, ngakhale za anzakezo zitakhala zakale. Ziwiri za chaka chimodzi zimasanjidwa ndi mitu yake n'kupatsidwa zilembo, monga 2019a ndi 2019b, ndipo mukasintha zilembozi muyenera kuzisinthanso m'nkhani yanu. Gwero lopanda wolemba limene mutu wake ukuyamba ndi The limasanjidwa ndi liwu lachiwiri, pamene Word idzaliika pa T. Choncho pitani paliponse pamene dzina labwerezedwa muone nokha.

Sindikugwirizananso ndi kusiya zonse m'ndime imodzi mpaka popereka ntchito. APA imati ndemanga ikhale ndime yatsopano, ndipo ikakhala ndi ndime yachiwiri, mzere woyamba wa ndime imeneyo ulowenso mkati ndi masentimita ena 1.27. Ine ndingakonde kuti mupange masitayelo awiri, ina ya gwero yokhala ndi Keep with next kuti gwero lisatsale lokha pansi pa tsamba, ina ya ndemanga, chifukwa mukadzafuna kusintha muyeso mudzasintha pamalo amodzi.

Wogwira ntchito mu laibulale

Aphunzitsi, pa zosanja ndikuvomereza zonse. Pa masitayelo, mtengo wake ndi wakuti mukangobweza ^l kukhala ^p, ndemanga zonse 46 zimatenga Hanging ija, mizere yake yoyamba n'kutulukira m'mphepete, ndipo muyenera kuzikonza imodziimodzi. Komanso tsiku limene mudzawonjezere gwero lina n'kusanjanso, vuto loyamba lija lidzabwerera. Papepala njira ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi, ndipo ndime zachiwiri zitatu zija Tab mmodzi kutsogolo kwake akuzifikitsa pa masentimita 2.54.

Wofunsa

Ndathokoza nonse. Pa nkhani ya mayina obwerezedwa ndapezadi wolemba mmodzi wa ntchito zinayi amene ziwiri mwa izo ndi za chaka chimodzi, ndipo ndinali ndisanaziike zilembo. Pakali pano ndasiya zonse m'ndime imodziimodzi chifukwa ndikuyembekezera kuwonjezera magwero ena asanu sabata ino. Chimene sindinatsimikize ndi chakuti aphunzitsi athu amafuna fayilo ya Word yeniyeniyo osati pepala, ndipo amatsegula zizindikiro zobisika pochonga. Kodi alipo amene anaperekapo ntchito yokhala ndi Shift+Enter pakati pa gwero ndi ndemanga kwa mphunzitsi woyang'ana zimenezi, ndipo inalandiridwa bwanji?